Wa makompyuta asanatsanzike, alembe izi

Wa makompyuta akamasiya ntchito, abwana saiwala kumulanda makiyi ndi laputopu. Chimene amaiwala ndi bokosi lija limangolira m'kachipinda kozizira, limene timati seva. Poliona ndi limodzi, koma m'kati mwake mumatha kukhala makompyuta anayi kapena khumi osagwirika ndi manja, opangidwa ndi pulogalamu monga Proxmox, Hyper-V kapena VMware. Akatswiri amawatchula kuti VM. Iliyonse ili ndi ntchito yake, ndipo amene amaidziwa ntchitoyo ndi munthu amene akuchokayo. Ndiye chifukwa chake ayenera kusiya kalata yofotokoza zonse.

Tiyerekeze ofesi ya anthu 30 yogwiritsa ntchito Proxmox. Wochokayo asalembe zokumbukira pamtima. Ayambe ndi kulemba `qm list` pa seva, imene idzamuonetsa VM zonse, zoyaka ndi zozima zomwe. Tinene kuti zatuluka zinayi: 101 yotsimikiza mapasiwedi a antchito ndi kulondolera makompyuta pa netiweki, 102 yosunga mafayilo a onse, 103 ya maakaunti ndi malipiro, ndi 104 yozima, yotchedwa `test-old`. Yachinayiyi ndiyo ifunika mawu ambiri. Wolowa m'malo akaona disiki ikudzaza adzaifufuta, osadziwa kuti ndi mmene muli maakaunti a zaka zam'mbuyo amene oyendera mabuku angadzawafune. Kalata inene ntchito ya VM iliyonse, dipatimenti imene imaidalira, ndi chimene chimaima ikazima.

Chachiwiri ndi ndondomeko yoyatsira. Magetsi akathima nthawi yaitali mpaka batire ya UPS n'kutha, zonse zimazima pamodzi, koma siziyenera kudzuka pamodzi. Iyambe 101. Ikachedwa, 102 ndi 103 zimaoneka zoyaka bwinobwino koma antchito sangatsegule mafayilo, ndipo mlendo pa ntchitoyo amatha m'mawa wonse akufufuza vuto pamene palibe.

Mtima wa kalatayi uli pa bakapu, kope losungira tsiku la tsoka. Kungolemba kuti “bakapu imachitika usiku uliwonse” n'kosakwana. Tifuna kudziwa ola lake, kumene kope limapita, masiku angati amasungidwa, ndi amene amauzidwa zikalephereka. Apa ndi pamene ambiri amagwa: uthenga wa kulephera umapita ku imelo ya wochokayo, imeloyo imatsekedwa tsiku lotsanzikana, ndipo bakapu ingathe kufa miyezi popanda wodziwa. Musanamudyetse keke yotsanzikana, asinthe adiresiyo inu mukuona.

Samalaninso ndi amene amaloza batani la `Snapshot` n'kunena kuti ndi bakapu. Chithunzi chimenecho chimathandiza kubwerera m'mbuyo pulogalamu yatsopano ikasokoneza zinthu, koma chimakhala pa disiki yomweyo ndi VM. Disiki ikafa, zimafera limodzi. Mwambo wodziwika ndi wa 3-2-1: makope 3, pa zosungira za mitundu 2, limodzi likhale kunja kwa ofesi. Ngati makopewo ndi okhomedwa ndi kiyi wachinsinsi, kalata inene amene akusunga kiyiyo, chifukwa popanda iye palibe chingatsegulidwe. Mapasiwedi enieniwo asalembedwemo. Akhale mu envulopu yomata kwa abwana kapena m'pulogalamu yosungira mapasiwedi.

Tsono njira yobwezeretsera. Nayi ya 103, monga mmene ingalembedwere:

```
qmrestore /var/lib/vz/dump/vzdump-qemu-103-2024_03_15-22_00_01.vma.zst 903
```

Onani nambala ya kumapeto. Kope likubwezeretsedwa ngati VM yatsopano, 903, kuti lisakhudze 103 imene ikugwira ntchito. Musanaiyatse, idule pa netiweki, apo ayi makompyuta awiri adzalimbirana adiresi imodzi. Onaninso kumene fayiloyo ili: `/var/lib/vz/dump` ndi pa seva yomweyo, choncho kalata iyenera kutchula kope lina la kunja ndi mmene mungalitengere sevayo itapsa. Ikayaka, aitanidwe a maakaunti adzatsegule malipiro a mwezi watha, pakuti kuyaka kokha sikutsimikiza kuti za m'kati zili bwino. Dzina la fayilo likuonetsa kuti kope linatengedwa pa 15 Malichi nthawi ya 22:00. Seva ikafa madzulo a tsiku lotsatira, ntchito yonse ya tsikulo iyenera kulowetsedwanso pamanja, ndipo abwana adziwiretu zimenezi.

Ine ndimati kalatayi isalandiridwe mpaka wolowa m'malo ataitsata yekha, mwiniwake atakhala pambali osatsegula pakamwa. Paliponse pamene wafunsa funso, pamenepo pali mzere wosowa, ndipo ulembedwe nthawi yomweyo pamodzi ndi mphindi zimene kubwezeretsako kwatenga. Kenako isindikizidwe papepala. Maofesi ena amaisunga mu 102 momwemo, VM imene tsiku lina idzafunika kubwezeretsedwa.