Imelo yofunsira ntchito isamabwereze zimene zili mu sivi

Imelo yofunsira ntchito ndi uthenga umene munthu amalemba potumiza sivi yake, chikalata chija chondandalika maphunziro ndi ntchito zimene wagwirapo. Ziwirizi zimafika pamodzi kwa olemba ntchito, koma chilichonse chili ndi gawo lake. Sivi imatsata zaka: sukulu yakuti, satifiketi yakuti, kampani yakuti kuyambira chaka chakuti. Sivi yomweyo itha kupita kwa mabwana khumi osasinthidwa kwambiri. Imelo imalembedwera bwana mmodzi pa ntchito imodzi, ndipo ndiyo imayamba kuoneka munthu asanatsekule zikalata zomatidwa. Ikangonena zimene zili kale mu sivi, wowerenga amamva nkhani imodzi kawiri, pamene mafunso amene ali nawo mumtima atsala osayankhidwa.

Mafunsowo sachuluka. Pa zonse zimene munthuyu wachita, n'chiti chikukhudza ntchito yathuyi? Pali umboni wanji woti amaidziwadi? Nanga pamene sivi ikudabwitsa, monga chaka chimene sichikuoneka, panachitika chiyani? Angayambe liti? Sivi ilibe malo abwino oyankhirapo zimenezi, n'chifukwa chake imelo ilipo.

Tiyerekeze kuti kampani yogula mbewu ku Kasungu yalengeza kuti ikufuna wothandiza pa zowerengera ndalama. Chilengezocho chikuti munthuyo akhale ndi dipuloma, akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, azidziwa kugwirizanitsa ndalama zolipidwa pa foni ndi zolembedwa m'buku la ndalama, ndipo akhale wokonzeka kukhala ku Kasungu. Mayi wina wa ku Lilongwe akufunsira. Sivi yake ikuonetsa MSCE, dipuloma ya zowerengera ndalama, zaka zitatu pa sitolo ya zipangizo zomangira kuyambira 2020 mpaka 2023, kenaka ntchito ina imene anayamba mu 2025. Makalata otere kawirikawiri amalembedwa m'Chingerezi chifukwa zilengezo zambiri zimatuluka m'chinenerocho, koma pano aikidwa m'Chichewa kuti mfundo zake zioneke bwino. Imelo yake yoyamba inali yotere:

"Okondedwa Bwana, ndikupempha ntchito imene mwalengeza. Ndili ndi satifiketi ya MSCE ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Ndinagwira ntchito pa sitolo ya zipangizo zomangira kuyambira 2020 mpaka 2023. Ndimadziwa kugwiritsa ntchito Excel. Ndine wolimbikira, wokhulupirika ndiponso womvana ndi anzanga. Ndaphatikizapo sivi yanga. Ndidzathokoza mukandiganizira."

Mulibe bodza m'menemu, ndipo ulemu ulimo. Vuto limaoneka munthu akaika imelo ndi sivi pafupi, n'kutenga cholembera, n'kumadula chiganizo chilichonse chimene nkhani yake ikupezeka kale mu sivi. MSCE yapita, dipuloma yapita, zaka za pa sitolo zapita, Excel yapita. Chatsala ndi moni, chiganizo cha kulimbikira ndi kukhulupirika, ndi mawu otsanzikira. Chiganizo chotsalacho nachonso sichilimba, pakuti palibe wofunsira ntchito amene amalemba kuti ndi waulesi kapena wakuba. Mawu amene aliyense anganene sasiyanitsa munthu ndi mnzake. Palinso njira yachiwiri yoyesera: ngati imeloyo ingatumizidwe ku banki, ku sukulu kapena ku chipatala popanda kusintha liwu limodzi, ndiye kuti sinalembedwere kampani ya ku Kasungu ija.

Kukonza kumayambira pa chilengezo, osati pa sivi. Wofunsira amawerenga zofunika zonse n'kuzigawa pawiri: zimene sivi yayankha kale mokwanira, ndi zimene yangozikhudza kapena siinazitchule n'komwe. Dipuloma ndi zaka ziwiri zayankhidwa. Bwana adzaziona yekha pa tsamba loyamba. Za ndalama za pa foni, sivi ya mayiyu ili ndi mzere umodzi wokha, wakuti ankagwirizanitsa maakaunti. Za kukhala ku Kasungu sivi ili chete, ndipo adiresi ya ku Lilongwe imene ili pamwamba pake ikudzutsa chikayiko. Chaka cha 2024 nacho chasowa. Zitatu izi ndizo imelo iyenera kunyamula.

Choyamba ndicho chimafuna ntchito yambiri. Mzere wakuti ankagwirizanitsa maakaunti umatchula udindo, koma sunena kuti munthuyo ankachita bwanji, kangati, ndipo chinasintha n'chiyani. Anthu awiri atha kukhala ndi mzere womwewo mu sivi, wina ankangokopera manambala amene wauzidwa, wina ndiye ankapeza pamene ndalama zasokonekera. Wofunsira azidzifunsa kuti: pa ntchito imeneyi, ndi tsiku liti limene ndinathetsa vuto lenileni? Mayiyu akakumbukira, apeza kuti pa sitolo paja makasitomala ambiri ankalipira kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo ogulitsa ankalemba malisiti osaikapo nambala ya uthenga wotsimikizira kulipira. Pakutha pa mwezi, kupeza lisiti logwirizana ndi ndalama iliyonse kunkatenga masiku anayi. Iye anapempha kuti nambalayo izilembedwa pa lisiti, n'kuyamba kuyerekeza tsiku ndi tsiku madzulo asanatseke, ndipo ntchito ya pakutha pa mwezi inatsika kufika tsiku limodzi. Nkhani imeneyi mu sivi mulibe, koma yamera pa mzere umene uli mu sivi. Kuwonjezera kwake n'kumeneku: kutenga mzere umodzi wouma n'kuonetsa zimene zinali kuseri kwake.

Chitsanzo chimodzi chokwanira chimaposa zitatu zongotchula. Ambiri akazindikira kuti ali ndi zonena, amafuna kuthira zonse, imelo n'kusanduka sivi yachiwiri yolembedwa m'ndime. Chosankhidwa chikhale chimene chikugunda pa chofunika chachikulu cha m'chilengezo. Kampani yogula mbewu imalipira alimi ambiri pa nyengo yokolola, choncho nkhani ya malisiti ndi mauthenga a pa foni ikuyankha nkhawa yake yeniyeni. Chilengezo chikanatsindika za misonkho, mayiyu akanasankha nkhani ina, monga ya kukonza PAYE ya ogwira ntchito ndi kuitumiza ku MRA nthawi isanathe.

Zina ziwirizo zimangofuna chiganizo chimodzi chimodzi. Chaka chosowa chifotokozedwe mwachidule ndi moona, popanda kupepesa kapena kulongosola za m'banja mwatsatanetsatane. Za malo zinenedwe mooneka kuti munthu waganizapo kale. Imelo yokonzedwa ikukhala yotere:

"Okondedwa Bwana, ndikufunsira ntchito ya wothandiza pa zowerengera ndalama ku ofesi yanu ya ku Kasungu. Mwanena kuti mukufuna munthu wodziwa kugwirizanitsa ndalama za pa foni ndi buku la ndalama. Pa sitolo imene yatchulidwa mu sivi yanga, ntchito imeneyi inkatenga masiku anayi pakutha pa mwezi chifukwa malisiti sankakhala ndi nambala ya uthenga wolipirira. Ndinapempha kuti nambalayo izilembedwa, ndipo ndinayamba kuyerekeza tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo ntchitoyo inkatha tsiku limodzi. Njira yomweyi ingathandize pa nyengo imene mukulipira alimi ambiri nthawi imodzi. Muona kuti chaka cha 2024 sindinali pa ntchito: ndinkasamalira wodwala kumudzi, ndipo tsopano ndinabwerera. Ngakhale ndikukhala ku Lilongwe, ndili ndi pofikira ku Kasungu, ndipo nditha kuyamba patatha mwezi umodzi chilandirireni kalata yanu, popeza ndiyenera kutsanzika kumene ndikugwira. Sivi ndi masatifiketi ndaphatikiza pa uthenga uno."

Cholembera chija chikabwereranso, sichipeza chodula. Sitolo yatchulidwa, inde, koma ngati cholozera chabe, kuti wowerenga adziwe mzere wa mu sivi umene nkhaniyo ikukhudza. Kulozera ndi kubwereza n'zosiyana. Mawu a kulimbikira ndi kukhulupirika achoka, ndipo sakusoweka, chifukwa munthu amene amakhala madzulo kuyerekeza malisiti waonetsa khalidwelo popanda kulitchula. Kutalika kwake n'koti munthu atha kuwerenga pa foni osatopa nako kutsitsa, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa mabwana ambiri amayamba kuona mauthenga pa foni.

Kuwonjezeraku kuli ndi malire ake. Imelo isatsutsane ndi sivi: ikanena zaka zinayi pamene sivi ikuonetsa zitatu, wowerenga amayamba kukayikira zonse ziwiri. Nambala iliyonse yotchulidwa ikhale yoti mwini wake angaifotokoze pa intavyu ndiponso yoti bwana wake wakale angaivomere akaimbiridwa foni. Zinsinsi za kumene munthu ankagwira, monga kuchuluka kwa ndalama zimene sitolo inkapeza kapena maina a amene anali ndi ngongole, zisalowemo. Wofunsira ntchito ya ndalama akaulula zotere, wadzichitira yekha umboni woipa. N'chifukwa chake mayiyu watchula masiku, osati makwacha.

Malire ena ndi amene ambiri saganizira. Imelo ndi zikalata zomatidwa sizimayenda limodzi nthawi zonse. M'maofesi ena, wolandira mauthenga amatsitsa kapena kusindikiza zomatidwa zokha n'kupereka kwa gulu losankha, uthenga weniweniwo n'kutsala mu kompyuta. Choncho chilichonse chimene chilengezo chaika ngati chofunika, monga dipuloma kapena chiphaso choyendetsera galimoto, chiyenera kukhala mu sivi. Ngati pokonza imelo munthu wapeza luso lofunika limene sivi ilibe, akonzenso siviyo. Mayiyu angachite bwino kusintha mzere wake uja kuti utchule za ndalama za pa foni, nkhani yonse n'kuisiya mu imelo. Komanso chilengezo chikanena kuti kalata yofunsira ntchito ikhale chikalata chomatidwa, mfundo zonsezi zimasamukira m'kalatamo, ndipo imelo imangokhala ya mizere itatu kapena inayi: ntchito yake, zimene zaphatikizidwa, ndi nambala ya foni.

Pa mzere wa `Subject` palembedwe dzina la ntchito monga lalembedwera m'chilengezo, pamodzi ndi nambala yake ngati ilipo, chifukwa ndi mawu amenewo amene ofesi imafufuzira mauthenga. Sivi itumizidwe ngati PDF kuti isasokonekere poitsekula pa foni kapena pa kompyuta ina, ndipo dzina la failo likhale ndi dzina la mwini wake, osati `CV final 2.pdf`. Adiresi ya wolandira ndi bwino kuilemba pomaliza, zikalata zitamatidwa kale ndipo uthenga utawerengedwanso, kuti chala chikatsetsereka pa `Send` pasapite imelo yonena za sivi imene palibe.