Khodi ya katundu: kuti malata a geji 28 asagulitsidwe ngati a geji 30

M'shopu ya hadiweya, malata awiri akasanjikizana amaoneka ngati amodzi. Koma la geji 28 ndi lochindikala kuposa la geji 30, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Ngati m'buku la sitoko munalembedwa kuti "malata mafiti 10" basi, tsiku lina wogulitsa adzapereka lokwera mtengo pa mtengo wa lotsika, mwini shopu osadziwa. Mankhwala a vutoli ndi khodi: zilembo ndi manambala ochepa oimira mtundu umodzi wokha wa katundu.

Musanalembe khodi iliyonse, dzifunseni zimene kasitomala amatchula pofuna katunduyo. Wogula malata amanena kapangidwe kake, kaya ndi wamba kapena a IBR, kenako geji, kutalika, ndi mtundu wa penti. Zinthu zimenezi ndiye zimasiyanitsa lata ndi linzake, ndipo ndi zokhazo zoyenera kulowa mu khodi, chilichonse pa malo ake osasintha:

```
ML-W-28-10-XX
ML-W-30-10-XX
ML-W-30-08-XX
ML-B-28-12-FR
```

`ML` ndi malata, `W` ndi wamba, `B` ndi IBR. Manambala awiri oyamba ndi geji, otsatirawo ndi mafiti. `FR` akuimira ofiira, pomwe `XX` akusonyeza kuti latalo ndi losapentedwa. Taonani kuti mafiti 8 talemba `08`. Tachita dala kuti makhodi onse akhale ofanana kutalika, chifukwa khodi imene wolemba wadumpha nambala imaonekera msanga pakati pa inzake. Komanso kompyuta ikamasanja makhodi, `8` wopanda ziro amagwera pansi pa `10` ndi `12`, malata aafupi n'kukhala kumapeto.

Mwina mwadabwa kuti IBR sitinamupatse `I`. Pa lisiti lolembedwa mothamanga, `I` amafanana ndi `1`, `O` amafanana ndi `0`, ndipo `S` sasiyana kwenikweni ndi `5`. Ndi bwino kungozisiya zilembo zimenezi. Mitundu ya penti nayonso imafuna kusamala. Obiriwira mukawapatsa `BR`, a buluu `BL`, ndiye kuti mwasiyanitsa katundu ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo pa foni L ndi R ambiri a ife timawatchula mofanana. Asiyeni a buluu akhale `BL`, obiriwirawo muwapatse `GN` kapena zilembo zina zosayandikana nazo.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pofuna kuti khodi inene zonse. Amaikamo mtengo, shelefu imene katunduyo amakhala, ngakhale dzina la kampani yomwe amaodako. Mtengo udzakwera, katundu mudzamusamutsa, kooda mudzasintha, ndipo khodi idzayamba kunama. Mukati muikonze, malisiti akale onse sagwirizananso ndi buku. Zinthu zosinthasinthazi zikhale ndi mizere yakeyake pambali pa khodi. Dzina la wopanga lilowe pokhapokha ngati kasitomala amasankha katunduyo potengera dzinalo, monga zimakhalira ndi simenti kapena penti.

Muyeso wogulitsira nawo ndi msampha. Misomali ya malata mukamagulitsa pa kilo komanso pa katoni, amenewo akhale makhodi awiri. Apo ayi, wina adzalemba 1 akutanthauza katoni, buku n'kuchotsa kilo imodzi.

Amene mumasunga sitoko mu Excel, yambani khodi ndi chilembo. Mukalemba `0810` pulogalamuyi imachotsa ziro n'kusiya `810`, ndipo `10-12` imamusandutsa deti. Kuti muone ngati khodi yabwerezedwa, makhodi ali mu mzere wa A, lembani izi pambali n'kukokera m'munsi:

```
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Paliponse pamene patuluke nambala yoposa 1, khodiyo yalembedwa kangapo.

Nanga mungadziwe bwanji kuti katundu akusokonezedwa? Powerenga sitoko, yang'anani mitundu yofanana pamodzi. Tiyerekeze kuti buku likuti muli ndi malata 40 a geji 28 ndi 60 a geji 30, koma mwapeza 34 ndi 66. Onse pamodzi akadali 100. Apa musafulumire kukayikira mlonda, chifukwa malata 6 a geji 28 anatuluka atalembedwa ngati a geji 30, ndipo mwaluza kusiyana kwa mtengo pa lililonse. Zikatero, onani ngati khodi yalembedwa moonekera pa mulu uliwonse, chifukwa khodi yokhala m'buku mokha siimuthandiza wonyamula katundu kuseri.

Pakhale munthu mmodzi yekha wopereka makhodi atsopano, ndipo tanthauzo la zilembo lilembedwe pa tsamba loyamba la buku. Katundu mukasiya kugulitsa, khodi yake muilembe kuti yatsekedwa, ndipo musadzaipatsenso katundu wina.