Kalata Yoitana Makolo Kusukulu

Kalata yoitana makolo kudzaona ntchito za ana awo imayenera kufika pakhomo kutatsala masabata awiri, isagwe pa tsiku la msika.

Pa sukulu ya pulayimale, kalata yabwino imatchula nthawi: makolo afike 8 koloko m'mawa, ayendere makalasi mpaka 10 koloko. Kumeneko ana a Sitandade 1 amawerenga maphatikizo, a Sitandade 7 n'kuonetsa mphasa zoluka ndi dimba lawo lamasamba.

Imanenanso ntchito ya aliyense. Aphunzitsi aakulu amatsegulira mwambo, a PTA amalandira alendo, amfumu amalankhula. Imatsindika kuti palibe cholipira, chifukwa makolo ambiri akamva zoitanidwa kusukulu amaganiza za ndalama yachitukuko, osabwera.