Tabu, Markdown kapena CSV: kusankha njira yosamutsira tebulo

Tebulo limene likuoneka pa kompyuta, lokhala ndi mizere ndi madanga ake, silisamuka ndi malire ake likamachoka m'pulogalamu ina kupita m'pulogalamu inzake. Nthawi zambiri zimene zimadutsa ndi zilembo ndi manambala basi, ndipo pamafunika chizindikiro chouza pulogalamu yolandirayo kuti danga ili lathera apa, linzake layamba. Njira zofala ndi zitatu. CSV imalekanitsa madanga ndi mpatuliro, TSV imalekanitsa ndi tabu, pamene tebulo la Markdown limalekanitsa ndi kamzere koimirira, `|`. Zonse zitatu zinganyamule nkhani yofanana, koma pulogalamu iliyonse ili ndi njira imene imaimva popanda kuiuza. Choncho asanasankhe, munthu ayenera kudziwa kumene tebulolo likupita, komanso kuona ngati chizindikiro cholekanitsacho sichikupezeka kale m'kati mwa zolembedwazo.

Chitsanzo chabwino ndi cha mlembi wa kopaletivi ya alimi amene watulutsa m'fayilo ya PDF mndandanda wa zokolola zimene zagulidwa. Madanga alipo anayi: nambala ya katundu, dzina lake, kulemera kwake m'makilogalamu, ndi mtengo wake m'makwacha. Mndandandawo akufuna kuuika mu Excel kuti aonkhetse ndalama, kuutumiza kwa wowerengetsa chuma amene ali ndi pulogalamu yake, ndiponso kuuonetsa m'lipoti.

Pa ntchito yoyamba, yomata mu Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc, tabu ndiye woyenera. Tabu ndi chizindikiro chosaoneka chimene batani la `Tab` limalemba, ndipo mapulogalamuwa amachigwiritsa ntchito okha: munthu akakopera timabokosi mu Excel n'kumata mu Notepad, amapeza madanga atalekanitsidwa ndi tabu, mzere uliwonse uli pawokha. Pobwerera ndi chimodzimodzi. Zolembedwa zotere zikamatidwa mu Excel, kapena mu Google Sheets, chilichonse chimagwera m'kabokosi kake nthawi yomweyo.

```
nambala	katundu	kg	mtengo
00417	Mtedza, wosenda	50	85,000
00418	Soya	50	42,500
```

Ubwino wa tabu ukuonekera pa mzere wachiwiriwo. M'dzina la katundu muli mpatuliro, pa mtengo palinso wina, koma palibe chasokonekera, chifukwa tabu sapezekapezeka m'mawu amene anthu amalemba. Vuto lake ndi lakuti saoneka. Ndi maso, tabu ndi mipata inayi zimafanana. Mabokosi ena a pa intaneti ndi mapulogalamu ena a mauthenga amasandutsa tabu kukhala mipata, ndipo m'mafomu ambiri kudina `Tab` kumangolumphitsa munthu kupita m'bokosi lotsatira. Zolembedwa zimene zatuluka mu PDF zimakhalanso ndi mipata m'malo mwa tabu kawirikawiri. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: mzere wonse umaunjikana m'danga loyamba, enawo ali mbee. Kabokosi kopanda kanthu nako kamafuna kusamala, popeza kamaimiridwa ndi matabu awiri otsatizana. Mmodzi akasowa, zonse za kumanja zimasunthira kumanzere, mtengo n'kukhala pa danga la makilogalamu, ndipo pulogalamu siichenjeza chilichonse.

CSV ndi ya ntchito ina. Imayenera pamene tebulo likusungidwa ngati fayilo yoti pulogalamu ina ikaitsegule, monga ya kawerengedwe ka chuma, nkhokwe ya zolembedwa, kapena R ndi Python. Njirayi inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri popanda lamulo limodzi, mpaka mu 2005 pamene chikalata chotchedwa RFC 4180 chinalemba mwambo umene ambiri ankatsata. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kabokosi kalikonse kamene muli mpatuliro, mitengero kapena mzere watsopano kayenera kutsekeredwa m'mitengero iwiri. Ngati m'mawumo muli kale mtengero, umalembedwa kawiri. Mndandanda wa mlembi uja ukalembedwa bwino umaoneka chonchi:

```
nambala,katundu,kg,mtengo
00417,"Mtedza, wosenda",50,"85,000"
00418,Soya,50,"42,500"
```

Mitengero ikaiwalika, mzere wa mtedza umakhala ndi madanga asanu ndi limodzi m'malo mwa anayi. Mawu akuti wosenda amagwera pa makilogalamu, 50 amagwera pa mtengo, ndipo 85 ndi 000 zimakhala m'madanga opanda mitu. Mzere wa soya umapereka mtengo wa 42 kwacha. Pulogalamu yokhwima imakana fayilo yotere, zimene n'zabwino. Yofatsa imangoilandira, chiwonkhetso n'kutuluka cholakwika. N'chifukwa chake ndi nzeru kuchotseratu mpatuliro m'manambala n'kulemba `85000`, popeza ngakhale mitengero itakhalapo, mapulogalamu ambiri amawerenga `85,000` ngati mawu osati nambala. CSV yolemba pamanja, kapena yolumikiza mwachangu, ndiyo imalakwika kwambiri. Ndi bwino kuisiyira pulogalamu kuti iitulutse yokha.

Anthu ambiri amadabwa kuti CSV ikamatidwa mwachindunji mu Excel siigawika. Mzere wonse umakhala m'danga A. Kuti igawike pamafunika `Text to Columns` pansi pa `Data`, kapena `Split text to columns` mu Google Sheets. Kutsegula fayiloyo podina kawiri kumaigawa, koma kumadalira dziko limene kompyutayo inasankhiridwa. M'maiko amene mpatuliro umalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, monga Germany, France ndi Portugal, Excel imayembekezera `;` pakati pa madanga. Fayilo yolembedwa ku Lilongwe ingathe kuunjikana m'danga limodzi ikatsegulidwa pa kompyuta ya Chipwitikizi ku Tete, ngakhale ilibe cholakwika chilichonse. Tabu alibe vuto limeneli.

Pali ngozi ina imene tabu ndi CSV zimagawana. Njira zonsezi sizinena ngati kabokosi kali ndi nambala, deti kapena mawu, choncho pulogalamu yolandira imangoganizira yokha. Nambala ya katundu `00417` imasanduka `417`, ndipo siigwirizananso ndi kaundula wa kopaletivi. Manambala a foni oyamba ndi 0 amataya 0 wawoyo. Nambala yaitali kuposa manambala 15, monga ya khadi kapena ya msonyezo wa malipiro, Excel imasunga oyamba 15 okha n'kusandutsa otsalawo maziro, ndipo fayilo ikasungidwa sabwereranso. Deti la `3/4/2025` ndi 3 Epulo kwa ena koma 4 Malichi pa kompyuta ya ku Amereka, ndipo kalembedwe ka `2025-04-03` ndiko kamathetsa mkanganowu. Vutoli linafika ngakhale kwa asayansi: mayina a majini monga `SEPT2` ndi `MARCH1` ankasanduka madeti mu Excel, moti mu 2020 komiti yotchula mayina a majini a munthu, ya HGNC, inalengeza malamulo atsopano, mayinawo n'kukhala `SEPTIN2` ndi `MARCHF1`.

Mankhwala ake ndi kuiuza pulogalamu isanaganize. Pomata zolembedwa za tabu, mlembi ayambe wasankha danga la manambala a katundu n'kulipatsa mtundu wa `Text`, kenako amate. Pa CSV, asadine kawiri fayiloyo. Alowe pa `Data`, asankhe `From Text/CSV`, aone chithunzithunzi cha tebulolo, n'kuonetsetsa kuti danga loyamba lawerengedwa ngati mawu. Pamalo omwewo ndi pamene amasankhira chizindikiro cholekanitsa ndi kasungidwe ka zilembo. Kasungidweka kamakhudza Chichewa mwachindunji. Chilembo cha ŵ chimasungidwa mu UTF-8 ndi timagawo tiwiri, ndipo Excel ya pa Windows ikawerenga fayilo ndi kasungidwe kake kakale, Malaŵi amaoneka ngati `MalaÅµi`. Fayiloyo imakhala isanawonongeke, ndipo kuitsegulanso posankha UTF-8 kumabwezeretsa chilembocho. Posunga, asankhe `CSV UTF-8` osati CSV wamba.

Tebulo la Markdown linapangidwira maso a munthu. John Gruber anatulutsa Markdown mu 2004 ilibe matebulo. Anawonjezedwa pambuyo pake ndi ena, ndipo mtundu wa GitHub ndi umene unafala kwambiri. Mzere woyamba ndi wa mitu, wachiwiri ndi wa timizere topingasa, ndipo `:` wa kumanja kwa timizereto amakankhira manambala kumanja.

```
| nambala | katundu         | kg | mtengo |
|---------|-----------------|---:|-------:|
| 00417   | Mtedza, wosenda | 50 | 85,000 |
```

Pa GitHub, mu Obsidian ndi m'malo ena amene amamva kalembedweka, zimenezi zimasanduka tebulo lokongola, ndipo ngakhale kumene sizisandulika zimawerengekabe. Palibe ziro amene amatayika chifukwa palibe chimene chikuwerengetsedwa. Malire ake ndi oti kabokosi sikangakhale ndi mizere iwiri, timabokosi sitingaphatikizidwe, ndipo `|` wa m'kati mwa mawu ayenera kulembedwa `\|`. Likamatidwa mu Excel limaunjikana m'danga limodzi. Kuligawa ndi `|` kumasiya danga lopanda kanthu kumayambiriro, mzere wa timizere woti ufufutidwe, ndi mipata yotsalira m'mbali mwa mawu imene imalepheretsa kufufuza. Komabe pali njira yachidule: tebulolo likakopedwa litasandulika kale pa sikirini, nthawi zambiri limamatika bwino. WhatsApp sazindikira matebulo a Markdown, ndipo pa foni mizere yaitali imapindika madanga n'kusokonekera, choncho kumeneko kutumiza fayilo kapena chithunzi n'kwabwino koposa. Mu Word, zolembedwa za tabu zimasanduka tebulo lenileni kudzera pa `Convert Text to Table`, choncho lipoti la mu Word silifuna Markdown.

Mlembi uja ndiye kuti ayambire pa tabu, akonze mndandanda wake mu Excel, ndipo kuchokera pamenepo atulutse CSV ya wowerengetsa chuma ndi tebulo la m'lipoti. Kuyambira pa Markdown n'kubwerera m'mbuyo ndi ntchito yowirikiza. Akamaliza kumata kulikonse, awerenge mizere ngati ikufanana ndi ya mu PDF, aone ngati chiwonkhetso cha mitengo chikugwirizana ndi cha pachiyambi, ndipo ayang'ane danga lotsatira lomaliza ngati mulibe kanthu. Mu Excel manambala enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu kumanzere. Mtengo umene watsamira kumanzere wawerengedwa ngati mawu, ndipo `SUM` imaudumpha.