Pulani yacedwa ku khonsolo: funsani kumene fayilo yagona

Amene anaperekapo pulani ya nyumba ku khonsolo akuyadziwa mawu akuti “bwerani sabata ya mawa”. Munthu amayamva koyamba n’kubwerera kunyumba mtima uli pansi. Akayamva kacinayi, amayamba kuganiza zomanga usiku kapena zofuna wina womuthandiza ca kumbali. Njira ziwirizi n’zimene zimadyetsa anthu ndalama zambiri. Pano tikufuna tifotokoze njira yacitatu, ndipo titenga Khonsolo ya Kafue monga citsanzo, ngakhale zambiri mwa izi zimagwiranso nchito ku Chongwe, ku Chilanga kapena ku Katete.

Funso lakuti “kodi pulani yanga yatuluka?” silithandiza, cifukwa amene ali pa kauntala angathe kuyankha kuti “ikali” popanda kutsegula buku lililonse. Funso lothandiza n’lakuti: fayilo yanga ili pa tebulo la ndani, inafikapo liti, ndipo ikudikira ciyani? Kuti mufunse motero, muyenera kudziwa njira imene fayilo imayenda.

Malamulo akulu pa nkhaniyi ndi awiri. Loyamba ndi lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo, nambala 3 la caka ca 2015, limene limati munthu asamange kapena kusintha nchito ya malo popanda cilolezo. Laciwiri ndi lamulo la zaumoyo wa anthu, caputala 295, mmene muli malamulo a kamangidwe. N’cifukwa cake pulani imodzi imaonedwa ndi anthu angapo. A zamapulani amaona ngati malowo ndi anu, ngati ndi omangapo nyumba zokhalamo kapena zamalonda, ndiponso ngati nyumba yasiya mpata wokwanira kucokera ku msewu ndi ku malire. A zomangamanga amaona maziko, zipupa ndi denga. A zaumoyo amaona mawindo, cimbudzi, ndi kumene madzi oipa adzapita. Nyumba zofikamo anthu ambiri zimaonedwanso ndi ozimitsa moto. Pamakhala ulendo wokaona malo, kenako fayilo imakonzedwa kuti ikalowe mu komiti ya makhansala yoona za mapulani. Ikavomerezedwa, pamatsala kusaina ndi kudinda. Pa malo alionse mwa awa fayilo ingathe kugona, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Tiyerekeze motere. Mai wina ali ndi puloti ku Shikoswe ndipo afuna kumanga nyumba ya zipinda zogona zitatu. Wapereka mapulani pa 5 Meyi, walipira ndalama yoonera pulani, ndipo pa kauntala amuuza kuti abwere pakapita masiku 30. Coyamba kuwerenga ndi masikuwo. Ngati ndi masiku a pa kalendala, atha pa 4 Juni. Ngati ndi masiku a nchito, ndiye masabata asanu ndi limodzi, ndipo mukaonjezera holide ya pa 25 Meyi mufika pakati pa Juni kapena kupitirira pang’ono. Pali cinanso cimene ambiri saciganizira: ofesi imayamba kuwerenga pamene mapepala onse akwanira. Ngati panasowa kope ya pepala la malo, kapena lisiti la ndalama za malo, kapena cidindo ca katswiri wolembetsedwa amene anajambula pulani, kwa iwo wochi sinayambe n’kuyenda komwe. Conco tsiku lopereka, funsani kuti masiku ake ndi otani, ndipo funsani ngati mapepala akwanira. Lembani dzina la amene wakuyankhani.

Tsiku lija lapita. Maiwo apita ku ofesi ya zamapulani atanyamula lisiti, nambala ya fayilo ndi nambala ya puloti, ndipo apempha mwaulemu kuti: “Bambo, ndithandizeni kuona m’buku kuti fayilo iyi inacoka liti pano ndipo inapita kwa ndani.” Fayilo ikamacoka ku dipatimenti ina kupita ku ina imayenera kulembedwa, ndiye yankho lilipo. Tiyerekeze kuti buku lionetsa kuti inapita kwa a zaumoyo pa 19 Meyi ndipo sinabwerere. Ulendo wotsatira ndi wa kwa a zaumoyo, tsiku lomwelo.

Kumeneko apeza kuti woyendera analemba kale ndemanga: pulani sionetsa pamene padzakhala dzenje la madzi oipa, ndiponso sionetsa kutalika kwake kucokera pa citsime. Ndemangayo yakhala m’fayilo masabata atatu. Mwina anaimbira foni amene anajambula pulani, poti nambala yolembedwa pa fomu ndi yake, ndipo iye sananene. Izi zimacitika kawirikawiri, ndipo ife timaona kuti gawo lalikulu la mafayilo “osowa” ndi otere: ofesi ikudikira mwini wake, mwini wake akudikira ofesi. Ku Kafue funso la madzi oipa si la mwambo cabe. Tauniyi ili pafupi ndi mtsinje, malo ena ndi otsika ndipo madzi a pansi amakwera m’dzinja, kotero dzenje loikidwa molakwika limaipitsa citsime ca mnansi. Pemphani kope ya ndemangayo, kapena ilembeni mawu ndi mawu, mupite nayo kwa wojambula. Pobweza pulani yokonzedwa, musaipereke m’manja mwa munthu pa khonde. Ipiteni nayo kolandirira makalata, adinde tsiku.

Mayankho ena amene mungamve ndi awa. Akati “tikudikira kukaona malo”, pemphani tsiku, ndipo onetsetsani kuti zikhomo za malire zikuoneka, udzu mwalambula, ndipo pali munthu wodzawalandira. Akati “ikudikira komiti”, funsani tsiku limene komiti idzakhale, ndipo koposa apo funsani tsiku lotsekera mndandanda wa nkhani zake. Misonkhano iyi sikhala sabata iliyonse. Khonsolo yonse imakumana mwa nthawi zonse kamodzi pa miyezi itatu, ndiye fayilo imene yaphonya mndandanda ndi masiku awiri ingathe kudikira nthawi yaitali kwambiri. Apa m’pamene kuyenda kwanu kuli ndi phindu lenileni: sabata yotsekera mndandanda isanafike. Akati “tikudikira yankho la kunja”, funsani kuti la kwa yani. Puloti ya m’mbali mwa msewu waukulu wa Lusaka ingafune mawu a bungwe la misewu la RDA, ya pafupi ndi nthambo zazikulu za magetsi ingafune a ZESCO, ndipo cimango cacikulu kapena ca pafupi ndi mtsinje cingafune a ZEMA. Tengani tsiku ndi nambala ya kalata imene khonsolo inatumiza, mukailondole nokha kumeneko. Ngati palibe nambala ya kalata, mwadziwa kuti kalatayo sinalembedwe.

Tinene pang’ono kwa makomiti a zomanga m’mipingo yathu. Mukagula puloti ya nyumba yokhalamo n’kupereka pulani ya chalichi kapena holo, pamenepo mwapempha zinthu ziwiri: kusintha nchito ya malo ndi kumanga. Kusintha nchito ya malo kumafuna kulengeza kuti anansi amene ali ndi dandaulo alankhule, ndipo kumatenga nthawi yaitali kuposa pulani wamba. Masiku amene munauzidwa pa kauntala mwina sanali a pempho lotere.

Tibwerere kwa mai wa ku Shikoswe. Wabweza pulani yokonzedwa pa 24 Juni, koma Julayi yatha kuli zii. Tsopano nthawi ya pakamwa yatha, pafunika kalata. Mu khonsolo ya tauni monga Kafue, mkulu wa anchito onse ndi Mlembi wa Khonsolo, ndipo kalata ipite kwa iye, kope ipite kwa mkulu wa zamapulani. Isapitirire tsamba limodzi. Lembani nambala ya puloti, nambala ya fayilo, nambala ya lisiti, tsiku lopereka, nthawi imene munalonjezedwa, tsiku limene munabweza zokonzedwa, ndi zimene munauzidwa pa ulendo uliwonse. Kumapeto pemphani zinthu zitatu: akuuzeni mwa kulemba pamene fayilo ili, cimene catsala, ndi tsiku limene cigamulo cidzaperekedwe. Perekani masiku 14. Musaikemo mawu okalipa kapena oneneza munthu, cifukwa kalata yotere imayankhidwa pa zonenezazo ndipo pulani imaiwalika. Pangani makope awiri, ina adinde n’kukubwezerani. Kope yodindidwayo ndiyo umboni wanu kulikonse kumene mudzapita pambuyo pake. Mauthenga a pa foni kwa ofesala mmodzi amatha mphamvu iye akangosamutsidwa.

Khansala wa wadi yanu mupatseni kope. Iye sasaina mapulani, ndipo musamupemphe kuti akudumphitseni mzere. Cimene angathe n’kufunsa mu msonkhano cifukwa cake fayilo ya Meyi sinafike pa mndandanda, ndipo funso la mu msonkhano limalowa m’maminitsi. Masiku 14 akatha opanda yankho, lembani kalata yaciwiri yochula yoyamba ija, kope ipite kwa Wapampando wa Khonsolo ndi ku ofesi ya cigawo ca Lusaka yoyang’anira makhonsolo. Lamulo la ufulu wopeza nkhani, nambala 24 la 2023, limakupatsaninso mphamvu yopempha mwa kulemba zimene ofesi ya boma yasunga, ndipo mungalichule. Zikakanika apa, pali ofesi ya Mtetezi wa Anthu, ija imachedwa Pabuliki Pulotekita, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo a dziko a 2016 kuti izifufuza kusayenda bwino kwa nchito za boma, kuphatikizapo kucedwetsa kopanda cifukwa. Kumeneko cimene adzafuna kuona coyamba ndi makalata anu odindidwa.

Ena amaopa kulimbikira, ati mwina angandikanire. Kukana kolembedwa ndi zifukwa zake n’kwabwino kuposa kukhala cete, cifukwa mungakonze zimene zachulidwa, kapena kucita apilo ku bwalo la madandaulo a mapulani limene lamulo la 2015 linaika. Nthawi ya apilo ndi yaifupi, conco onani tsiku la pa kalata yokanayo msanga.

Pa ulendo wonsewu pangapezeke wina wonong’oneza kuti “ya mafuta” kapena “ya dirinki” ingafulumizitse zinthu. Ndalama iliyonse ya khonsolo imalipidwa kwa kashiya kapena ku banki ndipo imatuluka ndi lisiti. Ina yonse ndi nkhani ya bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACC, ndipo wopereka nayenso ali ndi mlandu. Pulani yodindidwa ca kumbali, yopanda cigamulo colembedwa m’mabuku a khonsolo, imadzaululika tsiku logulitsa nyumba kapena lotenga ngongole. Mukalandira pulani yanu, funsani nambala ya cilolezo ndi tsiku limene inavomerezedwa.

Ndipo musatenge kukhala cete kwa khonsolo ngati cilolezo. Lisiti la ndalama yoonera pulani limangosonyeza kuti munapempha. Amene wayamba kukumba maziko angapatsidwe kalata yoimitsa nchito, kulipiritsidwa, ngakhale kugwetseredwa cimene wamanga, ndipo dandaulo lake la kucedwa limafooka pomwepo. Tikudziwa cimene cimathamangitsa anthu: mvula ya Novembala ikubwera, ndipo pa dothi lakuda la m’malo otsika maziko sakumbika m’dzinja. Podikira, mungaunjike mcenga, miyala ndi mabuloko. Simenti ndiyo musagule msanga, cifukwa ikakhala miyezi itatu m’matumba imayamba kucepa mphamvu, ndipo ikagwira cinyezi imaumiratu. Ndalama yake isungeni mpaka mapulani odindidwa atafika m’manja mwanu.