Zida ziwiri zofikira pa belu la Gauss

Mukaphatikiza manambala ambiri ongochitika mwamwayi, osadalirana, zotsatira zake kawirikawiri zimayalana ngati belu, kagawidwe kamene a masamu amati nomo kapena ka Gauss. Pofuna kutsimikizira mfundo imeneyi, ophunzira amapatsidwa zida ziwiri zofanana kwambiri m'maonekedwe. Choyamba ndi momenti jenaretingi fankishoni, M(t) = E[e^(tX)]. Chachiwiri ndi karakitarisitiki fankishoni, φ(t) = E[e^(itX)]. Chowasiyanitsa ndi kachilembo i kokha, nambala ija imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka −1.

Nambala X ikakhala ya nomo, avereji yake 0 ndi variyansi 1, M(t) = e^(t²/2) pamene φ(t) = e^(−t²/2). Yachiwiriyi siivuta kuipeza, chifukwa imatsata lamulo lakuti φ'(t) = −tφ(t), ndipo φ(0) = 1. Zida zonse ziwiri zili ndi mphamvu imodzi: manambala osadalirana akaphatikizidwa, mafankishoni ao amangochulukitsidwa.

Tiyeni tiponye ndalama yachitsulo. Ikagwa chagada tilembe +1, ikagwa chafufumimba tilembe −1. Apa avereji ndi 0, variyansi ndi 1, ndipo φ(t) = cos t. Tikaponya maulendo n, n'kuphatikiza zonse, n'kugawa ndi √n, timapeza [cos(t/√n)]^n. Ikani t = 1. Ulendo umodzi ukupereka 0.540, maulendo 4 akupereka 0.593, maulendo 100 akupereka 0.6060. Belu la Gauss pa malo omwewo lili ndi e^(−1/2), ndiye kuti 0.6065. M nayo ikuyenda chimodzimodzi: [cosh(1/√n)]^n pa maulendo 100 ndi 1.647, kuyandikira e^(1/2) imene ili 1.649. Pa ndalamayi palibe chida choposa chinzake.

Chikuchititsa n'chakuti pafupi ndi 0, φ ya nambala iliyonse ya avereji 0 ndi variyansi 1 imayamba ngati 1 − s²/2, zotsalazo n'kukhala zazing'ono kuposa s². Mukaika s = t/√n n'kuchulukitsa mafankishoni n amenewo mupeza (1 − t²/(2n))^n, imene imalunjika pa e^(−t²/2). Zina zonse zokhudza ndalama ija zimafufutika, kumangotsala avereji ndi variyansi.

Kusiyana kumaonekera pamene manambala aakulu kwambiri sali osowa. Kukula kwa e^(itX) ndi 1 nthawi zonse, kaya X akule bwanji, motero φ ilipo pa kagawidwe kalikonse. Koma e^(tX) imakula mwachangu choti avereji yake ikhoza kusowa malire. Tengani kagawidwe ka Student ka madigiri 3. Variyansi yake ndi 3, choncho kuphatikiza manambala otere kumafikitsadi pa belu. Koma M(t) yake ilibe malire pa t aliyense kupatula 0. Wodalira M alibe poyambira, ngakhale mfundo imene akufuna kutsimikizayo ndi yoona. Wodalira φ amangofuna variyansi yokhala ndi malire basi.

Komanso φ imachenjeza pamene belu silibwera. Ya kagawidwe ka Cauchy ndi e^(−|t|), yosongoka pa 0, moti siingayambe ngati 1 − s²/2. Avereji ya manambala n otere ili ndi [e^(−|t|/n)]^n, imene ndi e^(−|t|) yomweyo. Kaya mutenge manambala 10 kapena 10,000, avereji yao imamwazikana ngati nambala imodzi.

Pali sitepe yotsiriza imene ambiri amaidumpha. Kuona kuti mafankishoni akuyandikirana sikukwanira. Pafunika chilolezo chonena kuti kagawidwe nako kakuyandikira. Laplace anagwiritsa ntchito njira ya φ mu 1810, Lyapunov anaikhwimitsa mu 1901, ndipo chilolezo chimenechi chimadziwika ndi dzina la Paul Lévy: φ zikalunjika pa fankishoni yosaduka pa t = 0, fankishoniyo ndi ya kagawidwe kenikeni. Mau akuti yosaduka si okometsera. Nomo ya variyansi n ili ndi e^(−nt²/2), imene, n ikamakula, imagwera pa 0 paliponse kupatula pa t = 0 pamene imakhalabe 1. Yaduka, ndipo zoonadi belulo laphwatalala mpaka kuzimirira. Nayo e^(−t²/2) ilibe vuto limeneli. Chilolezo cha M chiliponso, cha Curtiss mu 1942, koma chimafuna kuti M ikhale ndi malire mbali zonse ziwiri za 0.

Sindikunena kuti M itayidwe. Poti e^(tX) ndi nambala wamba yoposa 0, imatipatsa P(X ≥ a) ≤ e^(−ta)M(t) pa t woposa 0, ndipo pa nomo, tikasankha t = a, mwayi wofika pa a sudutsa e^(−a²/2). Nayo φ imangozungulira, siingapereke malire otere mosavuta. Funso likakhala la kusowa kwa zochitika zapatali ndi avereji, ine ndimatenga M. Likakhala lakuti kuphatikiza kukulunjika pa belu kapena ai, ndimatenga φ.