Mita Ikamanama: Muyeso wa Magetsi pa Seketi ya Rezisitansi Yaikulu

Mmisiri wokonza mawayilesi amakhulupirira malitimita yake kuposa maso ake. Ikaonetsa mavoti ochepa pamene payenera kukhala ochuluka, iye amagamula msanga kuti rezisita yapsa, n'kuyatsa chowotcherera. Koma nthawi zina chipangizocho chimakhala chilibe vuto. Chatsitsa mavotiwo ndi mita yomweyo.

Mita siingayeze magetsi popanda kutapako pang'ono. Zili ngati kulawa ndiwo: mukatapa mumphika waukulu sizioneka, koma mukatapa pakambale ka mwana ndiwo zimachepa ndithu. M'kati mwa mita muli njira yodutsa magetsi yokhala ndi rezisitansi yakeyake, ndiko kuti mphamvu yokaniza magetsi kudutsa. Mamita ambiri a manambala ali ndi 10 MΩ, kutanthauza maohomu 10 miliyoni, pomwe ena otchipa ali ndi 1 MΩ yokha. Pa batire kapena pa solala zimenezi sizivuta, chifukwa magetsi ake ndi ochuluka. Vuto limabuka pa seketi yomwe marezisita ake ndi aakulu, momwe mumayenda timagetsi tochepa kwambiri.

Tiyeni titenge marezisita awiri a 1 MΩ iliyonse, tiwalumikize mondondozana pa magetsi a 10 V. Popeza ndi ofanana, amagawana mavoti pakati mpakati, ndipo pamfundo yawo payenera kukhala 5 V. Tsopano gusitsani nsonga za mita ya 10 MΩ mbali ziwiri za rezisita yam'munsi. Magetsi apeza njira yachiwiri, moti rezisita ija pamodzi ndi mita zikukhala ngati rezisita imodzi ya 0.909 MΩ. Kugawana kuja kwapendekeka, ndipo mita ikuonetsa 4.76 V.

Ndi mita ya 1 MΩ, nambala imatsika kufika 3.33 V. Mita yakale ya singano ndiye imaonjeza. Yolembedwa 20 kΩ/V pankhope pake ikaikidwa pa 10 V imakhala ndi 200 kΩ basi, ndipo singano imaima pa 1.43 V. Seketi ndi yomweyo, yabwinobwino, koma mayankho atatu osiyana!

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti mita ikumusokeretsa? Yezani rezisita yam'mwamba, kenako yam'munsi, n'kuphatikiza. Mita ya 10 MΩ ipereka 4.76 V konsekonse, zomwe pamodzi ndi 9.52 V, chonsecho mukayeza marezisita onse awiri nthawi imodzi mupeza 10 V yathunthu. Mavoti sangasowere m'malere. Pa mita ya singano palinso chizindikiro china: mukasintha pa 10 V kupita pa 50 V, muyeso umakwera, chifukwa rezisitansi ya mita yakula.

Kukonza muyesowu sikufuna mita yodula, koma masamu pang'ono:

```
V = Vm × (1 + Rs/Rm)
```

Apa Vm ndi nambala yomwe mwawerenga, Rm ndi rezisitansi ya mita, ndipo Rs ndi rezisitansi ya seketi monga mita ikuionera pamalo oyezedwawo. Pa Rs m'pamene ambiri amaphonya. Siyikhala rezisita yam'munsi yokha ayi, koma onse awiri atawerengedwa ngati ali moyandikana, chifukwa batire siikaniza magetsi kwenikweni. Marezisita awiri a 1 MΩ akatero amapereka 0.5 MΩ. Choncho 4.76 kuchulukitsa ndi 1.05 ikutipatsa 5 V, ndipo 3.33 ya mita yotchipa ija kuchulukitsa ndi 1.5 ikubwereranso pa 5 V.

Ngati kabuku ka mita kanatayika, Rm mutha kuipeza nokha. Yezani batire ya 9 V, kenako muyezenso mutaika rezisita ya 10 MΩ pakati pa batire ndi nsonga yofiira. Nambala ikatsika ndi theka, mita yanu ndi ya 10 MΩ. Ikagwa kufika cha m'ma 0.8 V, ndi ya 1 MΩ. Poyeza musagwire zitsulo za nsongazo ndi zala, pakuti thupi nalo ndi njira ya magetsi ndipo lisokoneza muyeso.

Masamuwa ali ndi malire ake. Amagwira bwino pa marezisita, koma pamene pali thiranzisita, kutsika kwa mavoti kumatha kusintha kagwiridwe ka seketi yonse, ndiye pamafunika mita ya rezisitansi yokulirapo. Ine ndimati mita ikaposa Rs ka 100, cholakwika chimangokhala gawo limodzi pa 100, ndipo mutha kuchinyalanyaza. Ikachepera apo, musachotse rezisita pabolodi musanawerengere.